Kugawa SST pawiri ndi kudzaza mipata mu tebulo la ANOVA

Funso lake limabwera motere pa mayeso: akupatsani tebulo la mizere itatu, afufutamo manambala asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kulemba pansi kuti dzazani mipata. Ambiri mwa ophunzira amene ndakhala ndikuwathandiza amayamba n'kukumbukira mafomula amene analoweza usiku, ndipo akaiwala imodzi, tebulo lonse limagwa. Komatu tebuloli limayendera malamulo ochepa kwambiri. Makolamu awiri amaphatikizana chotsika, ndipo zina zonse ndi kugawa basi. Mukamvetsa kumene kuphatikizanako kukuchokera, mipata imadzazika imodzi ndi imodzi, ndipo mukalakwitsa mumadzigwira nokha.

Ntchitoyi inayambira kumunda. Ronald Fisher analembedwa ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919, kuti asanthule zolembedwa za zaka zambiri za zokolola ndi feteleza, ndipo njira yogawa kusiyana kwa manambala m'magawo, imene imatchedwa ANOVA, inakulira kumeneko. Chilembo cha F chimene chili kumapeto kwa tebulo anachiika ndi George Snedecor mu 1934 polemekeza Fisher yemweyo. Choncho nafenso tigwiritsa ntchito minda.

Choyamba: pezani kusiyana konse

Tiyerekeze kuti pali minda isanu yofanana kukula. Manambala ake ndawapeka ndekha kuti asavute kuwerengera pamanja. Munda woyamba unathiridwa thumba limodzi la feteleza, wachiwiri matumba awiri, mpaka wachisanu matumba asanu. Matumba a feteleza tiwatche x, ndipo matumba a chimanga amene anakololedwa tiwatche y.

| munda | x | y | y − ȳ | (y − ȳ)² |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 1 | 12 | −8 | 64 |
| 2 | 2 | 17 | −3 | 9 |
| 3 | 3 | 19 | −1 | 1 |
| 4 | 4 | 25 | 5 | 25 |
| 5 | 5 | 27 | 7 | 49 |

Zokolola zonse pamodzi ndi matumba 100, choncho avereji, imene timailemba ȳ, ndi matumba 20. Munthu amene sakudziwa kalikonse za feteleza, mutamufunsa kuti munda uliwonse watulutsa matumba angati, yankho lake labwino koposa ndi 20 yemweyo. Pa munda woyamba aphonya ndi matumba 8, pa wachisanu aphonya ndi 7. Kuphonya kumeneku ndi kumene kuli mu kolamu ya y − ȳ.

Mukaphatikiza kolamu imeneyo mmene ilili mupeza ziro, chifukwa minda ya pansi pa avereji imafafaniza ya pamwamba. N'chifukwa chake nambala iliyonse timayamba taichulukitsa ndi iyo yomwe, kuti tipeze sikweya yake, kenako n'kuphatikiza. Apa 64, 9, 1, 25 ndi 49 zikupereka 148. Imeneyi ndiye SST, kusiyana konse kwa zokolola. Onani kuti x sanagwirepo ntchito ngakhale pang'ono. SST ndi ya y yekha, ndipo siisintha kaya mutayesa kufotokoza zokololazo ndi feteleza, ndi mvula, kapena ndi zonse pamodzi. Mu Excel, ngati y ali mu B2 mpaka B6, lembani `=DEVSQ(B2:B6)` ndipo mupeza 148.

Chachiwiri: jambulani mzere, mudule kuphonya kulikonse pawiri

Tsopano tilowetse feteleza. Avereji ya x ndi 3, ndiye x − x̄ ndi −2, −1, 0, 1 ndi 2. Masikweya ake akaphatikizidwa ndi 10, imene timaitcha Sxx. Mukachulukitsa x − x̄ ndi y − ȳ pa munda uliwonse mupeza 16, 3, 0, 5 ndi 14, zonse pamodzi 38, imene ndi Sxy. Kukwera kwa mzere wa rigireshoni ndi 38 kugawa ndi 10, ndiye kuti 3.8. Poyambira pa mzerewo ndi 20 kuchotsera 3.8 × 3, zimene zikupereka 8.6.

```
b = Sxy / Sxx = 38 / 10 = 3.8
a = ȳ − b·x̄ = 20 − 11.4 = 8.6
ŷ = 8.6 + 3.8x
```

Mzerewu ukunena kuti thumba lililonse la feteleza lowonjezera likuyendera limodzi ndi matumba 3.8 a chimanga owonjezera. Nambala imene mzere ukulosera pa munda uliwonse timailemba ŷ.

Tiyeni tiime pa munda wachinayi, chifukwa nkhani yonse ikuonekera pamenepa. Unatulutsa matumba 25, kuposa avereji ndi 5. Mzere ukuti munda wothiridwa matumba anayi uyenera kutulutsa 23.8. Kuchoka pa 20 kufika pa 23.8 ndi 3.8, ndipo gawo limeneli feteleza walifotokoza. Kuchoka pa 23.8 kufika pa 25 ndi 1.2, ndipo limeneli mzere sukudziwa kumene lachokera. Mwina nthaka ya pamenepo ndi yachonde, mwina anapalira msanga. Timangolitcha chotsala. Choncho 5 uja wadukidwa kukhala 3.8 ndi 1.2. Chitani chimodzimodzi pa minda yonse.

| munda | ŷ | ŷ − ȳ | (ŷ − ȳ)² | y − ŷ | (y − ŷ)² |
|---|---|---|---|---|---|
| 1 | 12.4 | −7.6 | 57.76 | −0.4 | 0.16 |
| 2 | 16.2 | −3.8 | 14.44 | 0.8 | 0.64 |
| 3 | 20.0 | 0 | 0 | −1.0 | 1.00 |
| 4 | 23.8 | 3.8 | 14.44 | 1.2 | 1.44 |
| 5 | 27.6 | 7.6 | 57.76 | −0.6 | 0.36 |

Musanapitirire, phatikizani kolamu ya y − ŷ. Iyenera kupereka ziro. Ikapanda kutero, mwalakwitsa powerengera a kapena b, ndipo bwererani pomwepo musanataye nthawi.

Kolamu ya (ŷ − ȳ)² ikupereka 144.4. Limeneli ndi gawo lofotokozedwa, ndipo pano tizilitcha SSR. Kolamu ya (y − ŷ)² ikupereka 3.6, gawo lotsala, limene tizilitcha SSE. Phatikizani ziwirizi: 144.4 ndi 3.6 ndi 148, SST ija ndendende.

Pa mayeso simufunika kudzaza tebulo lalitali chonchi. Mukakhala ndi x mmodzi, SSR ndi b × Sxy basi, apa 3.8 × 38, ndipo ikubwera 144.4 yomweyo. SSE mumaipeza pochotsera. Koma kamodzi kokha m'moyo chitani njira yaitaliyi pamanja, chifukwa ndi imene imaonetsa chinthu chotsatirachi.

Chifukwa chake masikweya akuphatikizana

Munthu wotchera khutu ayenera kudabwa apa. Pa munda wachinayi tinati 5 ndi 3.8 kuphatikiza 1.2. Koma sikweya ya 5 ndi 25, pamene 14.44 ndi 1.44 zikungofika pa 15.88. Pakusowa 9.12. Ngati pa munda umodzi masikweya sakugwirizana, nanga atheka bwanji kugwirizana pa minda yonse?

Yankho lili mu masamu a ku sekondale. Sikweya ya p + q ndi p² + q² + 2pq. 9.12 wosowayo ndi 2pq, kutanthauza 2 × 3.8 × 1.2. Tsono werengerani pq pa munda uliwonse, kuchulukitsa ŷ − ȳ ndi y − ŷ. Munda woyamba ukupereka 3.04, wachiwiri −3.04, wachitatu ziro, wachinayi 4.56, wachisanu −4.56. Zonse pamodzi ndi ziro. M'chitsanzo chathu zafafanizana ziwiriziwiri mooneka bwino chifukwa cha manambala amene ndinasankha. Pa manambala ena sizioneka mwaudongo chonchi, koma zikaphatikizidwa zimathera pa ziro basi. Si mwayi ayi. Mafomula a a ndi b amachokera pofunafuna mzere umene SSE yake ndi yochepetsetsa, ndipo mzere wotere umakakamiza zinthu ziwiri: zotsala zikaphatikizidwa zimapereka ziro, ndipo zotsala zikachulukitsidwa ndi x n'kuphatikizidwa zimaperekanso ziro. Ziwirizi ndi zimene zimapha 2pq.

Kuti muone kuti lamuloli si la mzere uliwonse, jambulani mzere wina ndi diso. Nenani ŷ = 8 + 4x, umene pa galafu simungausiyanitse kwenikweni ndi wathu uja. Ukulosera 12, 16, 20, 24 ndi 28. Zotsala ndi 0, 1, −1, 1 ndi −1, ndipo masikweya ake ndi 4, kuposa 3.6 pang'ono chabe. Koma gawo lofotokozedwa likubwera 64 + 16 + 0 + 16 + 64, ndiye kuti 160. Laposa 148, kusiyana konse kumene kunalipo! Pamodzi ndi 4 uja zikukwana 164. Mzere wooneka bwinobwino, koma tebulo lake silingatseke.

Chimodzimodzi mukakakamiza mzere kudutsa pa ziro, wopanda a. Pa minda yathuyi b amakhala 338 kugawa ndi 55, pafupifupi 6.15, ndipo zotsala zikaphatikizidwa zimapereka pafupifupi 7.8 m'malo mwa ziro. Zikatere mapulogalamu monga R amasiya kuyeza kusiyana kuchokera pa avereji, amayezera pa ziro, ndipo kusiyana konse kumakhala 2148 m'malo mwa 148. R², amene ndi gawo lofotokozedwa kugawa ndi kusiyana konse, akatuluka pamenepo musamuyerekeze ndi wa mzere wokhala ndi a. Zonse zimene zikutsatira pansipa ndi za mzere wokhala ndi poyambira pake.

Chachitatu: df, MS ndi F

Kolamu ya df imawerenga manambala amene ali omasuka kusintha. Pa kolamu ya y − ȳ muli manambala asanu, koma ayenera kuphatikizana kukhala ziro. Ndikakuuzani −8, −3, −1 ndi 5, wachisanu mumudziwa kale kuti ndi 7. Omasuka ndi anayi, choncho df ya SST ndi n − 1, pamene n ndi kuchuluka kwa minda. Zotsala nazo ndi zisanu, koma zamangidwa ndi zingwe ziwiri zija tazitchula, chimodzi cha a, china cha b. Zomasuka ndi zitatu. Df imodzi yotsalayo ndi ya rigireshoni, chifukwa kolamu yonse ya ŷ − ȳ ikudalira nambala imodzi, b. Pakakhala ma x angapo, tinene k, df ya rigireshoni ndi k, ndipo ya zotsala ndi n − k − 1.

SS ndi masikweya ophatikizidwa aja, ndipo MS ndi SS kugawa ndi df ya mzere womwewo wa tebulo. F ndi MS ya pamwamba kugawa ndi MS ya zotsala. Mitu ndailemba monga imaonekera mu Excel.

| | df | SS | MS | F |
|---|---|---|---|---|
| Regression | 1 | 144.4 | 144.4 | 120.33 |
| Residual | 3 | 3.6 | 1.2 | |
| Total | 4 | 148 | | |

Feteleza akanakhala kuti alibe mphamvu iliyonse, ma MS awiriwa akanakhala akuyeza chinthu chimodzi, kusiyana kwa mwangozi pakati pa minda, ndipo F akanazungulira chapafupi ndi 1. Pa tebulo la F, pa 5 peresenti, ndi df 1 pamwamba ndi 3 pansi, malire ndi 10.13. Wathu ndi 120.33, wapitirira kutali. R² ndi 144.4 kugawa ndi 148, pafupifupi 0.976. Musatengeke naye, minda yeniyeni siimvera chonchi.

Amene muli ndi R mungatsimikize motere:

```
x <- c(1, 2, 3, 4, 5)
y <- c(12, 17, 19, 25, 27)
anova(lm(y ~ x))
```

R salemba mzere wa `Total`, muphatikize nokha. Ndiponso mukaika ma x angapo, `anova` amapatsa x aliyense mzere wakewake, motsata ndondomeko imene mwawalembera, ndipo kuti mupeze SSR yonse muyenera kuphatikiza mizere yonse ya pamwamba pa `Residuals`.

Mayina amene amasokoneza

Musanakhudze tebulo la munthu wina, fufuzani tanthauzo la zilembo zake. M'Chingerezi mawu a rigireshoni ndi a chotsala onse amayamba ndi R, ndipo mawu a kufotokozedwa ndi a kuphonya onse amayamba ndi E. Zotsatira zake n'zakuti mabuku ambiri a sitatistiki amati SSR ndi gawo lofotokozedwa ndipo SSE ndi lotsala, monga tachitira pano, pamene mabuku ena, makamaka a zachuma, amatembenuza: SSE yofotokozedwa, SSR yotsala. Enanso amalemba ESS pa lofotokozedwa ndi RSS pa lotsala. Ndinaonapo wophunzira atachita masamu onse molondola koma n'kupeza R² wa 0.024 m'malo mwa 0.976, chifukwa manotsi a m'kalasi ndi buku limene anabwereka ankagwiritsa ntchito zilembo mosemphana. Musadalire zilembo. Yang'anani fomula: muli ŷ − ȳ ndi lofotokozedwa, muli y − ŷ ndi lotsala. Fomula ikasowa, yang'anani df: mzere wa k ndi wa rigireshoni, wa n − k − 1 ndi wa zotsala.

Chachinayi: kudzaza mipata

Nali tebulo lofufutidwa. Funso likuti panali minda 25, ndipo zokolola akuzifotokoza ndi zinthu zitatu: feteleza, mvula, ndi maulendo opalira.

| | df | SS | MS | F |
|---|---|---|---|---|
| Regression | ? | ? | ? | ? |
| Residual | ? | ? | 10 | |
| Total | ? | 480 | | |

Lembani malamulo asanu awa m'mphepete mwa pepala, df1 ndi MSR kukhala za mzere wa `Regression`, df2 ndi MSE za mzere wa `Residual`. Palibenso ena.

```
df1 + df2 = n − 1
SSR + SSE = SST
MSR = SSR / df1
MSE = SSE / df2
F = MSR / MSE
```

Lamulo lililonse lili ndi manambala atatu. Mukadziwa awiri, wachitatu wapezeka. Ntchito yonse ndi kusaka lamulo limene likusowa nambala imodzi yokha, kulidzaza, n'kusakanso.

Yambani ndi df nthawi zonse, chifukwa kawirikawiri sizikhala mu tebulo, zimabisala m'mawu a funso. Minda 25 ndiye kuti df ya `Total` ndi 24. Zinthu zitatu ndiye kuti df ya `Regression` ndi 3. Ya `Residual` ndi 24 kuchotsera 3, ndiye 21.

Tsopano mzere wa `Residual` uli ndi df 21 ndi MS 10, ukungosowa SS. Popeza MS ndi SS kugawa ndi df, SS ndi MS kuchulukitsa ndi df, ndipo SSE ndi 210. Kolamu ya SS tsopano ili ndi 210 ndi 480, choncho SSR ndi 270. Kwerani ku mzere wa pamwamba: 270 kugawa ndi 3 ndi 90. Pomaliza F ndi 90 kugawa ndi 10, ndiye 9.

| | df | SS | MS | F |
|---|---|---|---|---|
| Regression | 3 | 270 | 90 | 9 |
| Residual | 21 | 210 | 10 | |
| Total | 24 | 480 | | |

Malire a F pa 5 peresenti, ndi df 3 pamwamba ndi 21 pansi, ndi 3.07. Samalani powerenga tebulo la F, chifukwa df ya rigireshoni ndi imene imayang'anidwa pamwamba, ya zotsala m'mbali, ndipo mukazisinthanitsa mupeza malire ena. F wathu wa 9 wapitirira 3.07, choncho tikukana ganizo lakuti zinthu zitatuzi zonse zilibe mphamvu pa zokolola. Imani pomwepo polemba yankho. F sakunena kuti chilichonse mwa zitatuzo chili ndi mphamvu, akungoti chimodzi kapena kuposerapo. Kuti mudziwe kuti ndi chiti, mufunika t wa x aliyense payekha, ndipo ameneyo sali mu tebuloli.

Mafunso otsatira amatuluka mu tebulo lomweli. R² ndi 270 kugawa ndi 480, ndiye 0.5625. Nambala imene Excel amailemba `Standard Error` ndi sikweya ruti ya MSE, apa pafupifupi matumba 3.16, ndipo imeneyi ndi imene mlimi angaimve: mzere umaphonya munda wamba ndi matumba atatu ndi pang'ono. `Adjusted R Square` ndi 1 kuchotsera MSE yogawidwa ndi SST/(n − 1). Apa 480 kugawa ndi 24 ndi 20, 10 kugawa ndi 20 ndi theka, ndipo yankho ndi 0.5.

Zolakwika zimene zimaoneka ngati zolondola

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi kuiwala 1 wa a uja, n'kulemba df ya zotsala ngati n − k. Pa funso lathu munthu amalemba 22. Kenako SSE imabwera 220, SSR 260, MSR 86.67, F 8.67. Palibe nambala yodabwitsa, ndipo F wapitirirabe malire, ndiye munthu amatuluka m'chipinda cha mayeso akumwetulira. Chomugwira chinali chimodzi: 3 ndi 22 ndi 25, osati 24. Mukamaliza kudzaza, phatikizani kolamu ya df chotsika, kenako ya SS.

Chachiwiri ndi kuphatikiza kolamu ya MS. Dzanja likazolowera kuphatikiza chotsika limafuna kulemba 100 pansi pa 90 ndi 10. MS siphatikizana. Mabuku ambiri ndi Excel amasiya malowo opanda kanthu. Stata amalembapo nambala, koma ndi SST kugawa ndi n − 1, apa 20, imene ndi variyansi ya y.

Palinso zizindikiro zokuuzani kuti china chake chapindika. SS siingakhale ndi mainasi, chifukwa ndi masikweya ophatikizidwa. SSR kapena SSE siingapose SST. Df siikhala ndi kadontho, ndiye mukagawa SS ndi MS n'kupeza 20.97, ndi 21 amene wasokonezedwa ndi kudula manambala, koma mukapeza 20.5 mwalakwitsa penapake. F yekha angathe kukhala pansi pa 1, palibe cholakwika pamenepo, zimangotanthauza kuti ma x sakufotokoza zambiri.

Pamene palibe lamulo losowa nambala imodzi

Aphunzitsi ochenjera amafufuta mwanjira yoti musake n'kulephera. Tinene akupatsani df zonse, SST ya 480 ndi F wa 9, koma SS ziwiri ndi MS ziwiri n'zofufutidwa. Lamulo lililonse likusowa manambala awiri. Apa mulumikize malamulo. F ndi SSR/3 kugawa ndi SSE/21, choncho SSR kugawa ndi SSE ndi 9 × 3/21, imene ndi 27/21, kapena 9/7 mukachepetsa. Ndiye kuti 480 agawidwe m'magawo 16, rigireshoni itenge 9, zotsala zitenge 7. Gawo limodzi ndi 30. SSR ndi 270, SSE ndi 210, ndipo kuchokera apa njira yatseguka.

Nthawi zina nambala imene mukufuna imabwera itavala chovala china kunja kwa tebulo. Akakupatsani R² ndi SST, SSR ndi R² × SST. Akakupatsani R² ndi SSE, SST ndi SSE kugawa ndi 1 − R², apa 210 kugawa ndi 0.4375, ndipo 480 akubwerera. Akakupatsani `Standard Error`, ichulukitseni ndi iyo yomwe mupeze MSE. Akakupatsani variyansi ya y ya sampulo, ichulukitseni ndi n − 1, osati n, mupeze SST. Ndipo pakakhala x mmodzi yekha, F ndi sikweya ya t wa b. Pa minda isanu ija t ndi 3.8 kugawa ndi sikweya ruti ya 1.2/10, pafupifupi 10.97, ndipo sikweya yake ndi 120.3. Chidulechi musachitengere ku funso la ma x atatu, kumeneko sichigwira.

Chenjerani ndi manambala odulidwa. Funso likakupatsani R² ngati 0.56 m'malo mwa 0.5625, SSR ibwera 268.8, SSE 211.2, ndipo F akhala 8.91. Simunalakwe, koma ngati mu tebulo muli njira ina yosadutsa pa nambala yodulidwa, tengani imeneyo. Inunso musadule manambala pakati pa ntchito, asungeni mu kakyuleta mpaka kumapeto.

Pali malire amodzi amene luso silingawadumphe. Df, F ndi R² zilibe muyeso. Mutasintha zokolola kuchoka pa matumba kupita pa makilogalamu, thumba limodzi 50, SS iliyonse ndi MS iliyonse ingakule ka 2500, koma F akhalabe 9. Choncho akakupatsani n, k ndi R² zokha, F mumupeza:

```
F = (R² / k) / ((1 − R²) / (n − k − 1))
  = (0.5625 / 3) / (0.4375 / 21) = 9
```

koma makolamu a SS ndi MS sangadzazike. Pamafunika nambala imodzi yokha yokhala ndi muyeso, kaya SS, kaya MS, kaya `Standard Error`, kaya variyansi ya y. Ikasowa mu tebulo, werenganinso mawu a funso, nthawi zambiri imakhala itabisika m'chiganizo choyamba.

Tebulo loyerekeza magulu, monga mitundu inayi ya mbewu yodzalidwa m'minda 25, limadzazidwa ndi malamulo asanu omwewa. Mitu imangosintha kukhala `Between Groups` ndi `Within Groups`, ndipo m'malo mwa ŷ mumaika avereji ya gulu limene mundawo uli. Kusamala kuli pa df yokha. Magulu akakhala g, df ya pamwamba ndi g − 1, osati g, ndipo ya pansi ndi n − g. Mitundu inayi m'minda 25 ikupereka 3, 21 ndi 24, zofanana ndi za funso lathu la ma x atatu. Ndiye funso likangokupatsani df ya 3 pamwamba n'kukufunsani kuchuluka kwa zinthu, yang'anani mutu wa mzerewo kaye. Pa `Regression` yankho ndi ma x atatu, pa `Between Groups` ndi magulu anayi.